Thumba la ufa limene ndinawakaniza

Ndiyambe ndi kuulula. Mwamuna wanga sanaletsepo ngongole m'shopu yathu, ngakhale tsiku limodzi. Munthu uja mutamudandaulira bwino angakupatseni ndi chitseko chomwe. Lamulo lija ndinalipeka ndine, n'kuliika pakamwa pake, chifukwa iye amakhala kuloji ya alendo odzaona nyama kumene amagwira ntchito sabata yonse ndipo sangadziyankhire.

Ku koleji ku Chipata anatiphunzitsa kuti ndalama ya katundu si yako, ndi ya katundu. Ndinakhoza bwino. Satifiketi ili pakhoma, pamwamba pa sopo. Chimene sanatiphunzitse ndi kukana mayi amene anakusambitsira mwana uli chikuta, amayi ako ali kutali.

Mayi amenewo ndi mkazi wa sikauti wolondera nyama, wa pakampu ya pafupi ndi paki, kuno kwa Kakumbi. Mchere, mafuta, machesi, zonse amagula kwa ine, ndipo akazi a pakampu amagula kumene iwo agula. Dzinja lija maloji ambiri anali atatseka, malipiro a amuna awo atachedwa, njovu zitadya chimanga chawo chisanakhwime. Loweruka masana anafika.

“Mwaswera bwanji, amake mwana? Ndipatseni thumba la ufa ndi kabotolo ka mafuta. Mwezi ukatha ndibweretsa.”

Ndinayankha monga mwa masiku onse, nkhope yachisoni nditaikonza kale. “Amayi, ine ndikanakonda, koma eni ake anakana.”

“Si lero amabwera? Ndiwadikira.”

Anakhala pabenchi, n'kunditenga mwana kumsana kuti ndipumule. Mwamuna wanga amafika cha m'ma folo pa njinga, ndipo ndinkadziwa kuti akangomva za njovu apereka matumba awiri, n'kuwaperekeza nawo. Kukacha kampu yonse ikanakhala pakhomo. Lolemba ndinayenera kukwera minibasi kukaoda katundu ku Chipata, ndipo ndalama zinali zongokwanira. Shopu ikauma m'dzinja siidzukanso, ndipo ndi imene imatidyetsa loji ikatseka. Ya mwamuna wanga inali yoti itsekedwe mwezi wotsatira.

Njinga iliyonse ikalira kumsewu ndinkasuzumira. Pomaliza ndinatuluka kuseri kwa kauntala, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo, poti panalibe wina.

“Amayi, musawadikire. Amene amakana ndine.”

Anapitiriza kumugwedeza mwana wanga pamiyendo.

“Ndiye zonse zija tinkakumverani chisoni kuti munakwatiwa ndi munthu wouma manja?”

“Eya. Sikuti ndikukukayikirani. Ndikakupatsani inu, anzanu sindingawakanize, ndipo Lolemba ndikaoda ndi chiyani? Mudzabwera kudzagula mchere mudzapeza mashelefu okha.”

“Ndi zimene munakaphunzira ku Chipata zimenezi?”

“Zina mwa izo.”

Kenako ndinanena zimene ndikanatha. Ndinati nditsegula thumba ndiwayezere ufa wa ndalama imene anali nayo, pa mtengo wa thumba, osawonjezera monga timachitira ndi timapaketi. Ndinatinso vitumbuwa vyawo, vimene ankagulitsa pakampu pomwe aliyense analibe ndalama, aziika pakauntala panga, pamsewu pamene pamaima maminibasi, ine osadulapo kanthu.

Anamasula mfundo ya chitenje. Ndalamayo inagula ufa wa masiku awiri, mwina. Anandibwezera mwana, n'kunena kuti, “Zikomo, a manijala,” n'kumapita. Panjira anakumana ndi mwamuna wanga, ndipo iye anafika akudabwa kuti mayi aja amulonjera mwaulemu kuposa kale.

Lamlungu sanabwere. Lolemba ndinapita ku Chipata, njira yonse ndikuwerenga makasitomala amene ndataya. Lachiwiri sanabwere, ndipo kuchokera kukampu sikunabwere ngakhale wogula machesi. Usiku mwana akalira ndinkaganiza kuti nayenso wamva.

Lachinayi m'mawa mayi aja anatulukira ndi ndowa ya vitumbuwa pamutu, akazi awiri a pakampu ali pambuyo. Anaiika pakauntala, anakankha maswiti anga kuti vitumbuwa vionekere bwino. Pofika masana vinali vitatha. Anagula fulawa ndi mafuta, kulipira pomwepo, chenji n'kuwerenga kawiri pamaso panga.

Mmodzi wa akazi aja anayesa mwayi, anapempha shuga wa mawa. Ndisanatsegule pakamwa, mayi aja anayankha ali chiyang'anire kumsewu: “Musamuvutitse mwanayu. Eni ake anakana.”

Mpaka lero amagula kwa ine, ndipo ndowa yawo ili ndi malo ake. Koma ufa uja unali wa masiku awiri, ndipo anakhala masiku anayi, ali ndi ana asanu. Sindinawafunsepo kuti masiku enawo anadya chiyani, iwonso sananenepo. Mashelefu anga anadutsa dzinja ali odzaza. Inu amene mukuwerenga, makamaka amene munaimapo kuseri kwa kauntala mwana ali kumsana, ndiuzeni: ndinachita bwino kodi?