Ketty ndi Mafomu a Manijala

Ketty Nsama wakhala akugulitsa mushopu ya hadiweya ya baChilekwa ku Matero zaka naini. Migodi itachotsa anthu ntchito, makasitomala anachepa, koma ofuna ntchito anachuluka. Pepala lofuna manijala litamatidwa pachitseko, makalata makumi anayi anabwera.

Tsiku la intavyu ofunsa anali atatu: baChilekwa, abusa a mpingo wawo, ndi Ketty. Aliyense anapatsidwa fomu ya mafunso asanu pa munthu aliyense woyitanidwa, funso lililonse mamakisi kuyambira wanu mpaka faifi. Ketty anakayikira ataona kuti mmodzi mwa oyitanidwa ndi Rex, mlamu wawo wa baChilekwa, munthu amene sankadziwa kusiyanitsa msomali wa malata ndi wa matabwa.

Woyitanidwa wina, baFackson, amene anasunga sitolo ku mgodi zaka khumi, anayankha bwino za kuwerenga katundu. Rex atafunsidwa funso lomwelo anangoti, "Mulungu azatithandiza." Abusa anagwedeza mutu movomereza, nalemba.

Kenaka baChilekwa anauza Ketty kuti aphatikize mamakisi. Fomu ya Rex imene baChilekwa analemba inali yodzaza mafaifi a inki yakuda, pamene tsiku lonse anagwira bolopeni yabuluu.

"Bwana, iyi munalemba liti?"

"Iwe phatikiza chabe, Ketty."

Anaphatikiza, ndipo Rex anapambana ndi mamakisi awiri. Ketty anatuluka kukachotsa pepala lija pachitseko. Panja anapeza baFackson atakhala pamatumba a simenti, tayi ili pakhosi, akudikira yankho.

"Mayo, ndibwere liti kuzamva?"

"Batate, sungani ndalama ya minibasi."