Chitofu cha Gasi cha a Gilibati

A Gilibati Kamzimbi anagwira ntchito ya umesenjala ku Lilongwe zaka makumi awiri ndi zitatu. Chimene anaphunzirako n'chimodzi: mabwana saphikira makala. Atawachotsa ntchito chaka chotsatira chisankho cha matipate, anabwerera kwa Nathenje ndi jekete, matayi awiri ndi tindalama topumira.

Akazi awo, mai Zipora, ankagulitsa tiyi ndi masikono m'kanyumba ka m'mphepete mwa msewu waukulu. Madalaivala a malole a fodya ankaima pamenepo m'mawa uliwonse, ndipo banja lonse linkadya za m'ketulo imeneyo. Tsidya lina la msewu mai Shamimu anali atatsegula yawo tiyirumu. Dalaivala akaoloka kamodzi, sabwerera msanga.

Mbaula yachitsulo ya mai Zipora itabowoka, iwo anati agule ya kwa a Efulemu, mmisiri wa malata wa ku Mitundu. Kunja kwake chitsulo, m'kati dothi lowotcha losunga moto. Thumba la makala lotha masiku khumi linkafika masabata awiri. Pa kachitseko pake ankakhomapo zilembo E.M., poti ena ankamata dothi losawotcha n'kumanamiza anthu.

"Make Edith, ine ndigule mphika wa phulusa wovala malata?" anatero a Gilibati. "Dziko lasintha."

"Lasintha, bambo a Edith. Koma ketulo ndi yomweyi."

A Gilibati anapita kwa a Yunusu, mwini sitolo, amene anali ndi chitofu cha gasi chogwirapo kale ntchito. A Gilibati sanafunse kuti gasi amatha masiku angati. Anangoona dzina la ku Joni lolembedwa ndi zilembo zagolide, n'kunena kuti lomwelo linali m'khitchini mwa bwana wawo. A Yunusu anali munthu woona.

"Achimwene, gasi sadzadzitsa kuno, mpaka m'tauni. Ndalama yodzadzitsa kamodzi mugula matumba angapo a makala. Paipi iyinso ndi yokalamba, musinthe."

"Ndikuzidziwa izi. Ndakhala nazo."

Anakhala nazodi: ankaziona pa windo popereka makalata.

Atachigula chitofucho, tsiku loyamba kunamveka kafungo. A Gilibati anatulutsa machesi kuti aone pamene pakutuluka mpweya. A Yunusu, amene anabwera kudzawalumikizira, anawagwira dzanja, n'kutseka gasi, n'kutsegula chitseko. Anapaka thovu la sopo pa paipi, thovulo n'kufufuma pamene panang'ambika.

"Amayesa chonchi. Zamachesizo mukanayesa kamodzi kokha."

Paipi inasinthidwa. Masabata awiri a Gilibati anaima pambali pa chitofu atavala tayi, akuonetsa madalaivala moto wopanda utsi. Sanatukuleko chigubu cha gasicho n'kamodzi komwe kuti amve ngati chikupepuka. Lachisanu m'mawa, malole asanu ataima panja, moto unafooka, n'kuzima. Madzi anali asanawire.

"Mdala, tiyi wa mabwana ndi wozizira?" anafunsa dalaivala wina wotchedwa Maliro. Anadzuka onse, n'kuoloka msewu.

A Gilibati anasenza chigubu kupita pa siteji. Kondakitala woyamba anakana: "Bomba limenelo pansi pa miyendo ya anthu? Iyayi, bambo." Wachiwiri anati chilipire mpando wake. M'tauni anapeza mtengo utakwera pamodzi ndi kugwa kwa kwacha. Anabwerera nacho chigubu chopanda kanthu, atachilipirira ulendo wopita ndi wobwera ngati mwana wa sukulu.

Mai Zipora anabwereka njinga, napalasa mpaka ku Mitundu, nabwera ndi mbaula ya zilembo E.M. A Efulemu anawalangiza zitatu: moto ukachuluka atseke kachitseko, asaigwiritse ntchito m'nyumba yotseka mawindo, poti mpweya wa makala umapha osanunkha, ndipo asaithire madzi ikadali yotentha. Makala otsala aziwakhuthulira m'chitini, n'kuvundikira. Mai Zipora anafotokozera amuna awo zonsezi.

"Mundiphunzitse mbaula, ine?"

Mawa lake masana tiyi atatha, a Gilibati anaona makala akunyekabe. Anachita zimene amayi awo ankachita ndi mbaula yachitsulo pofuna kupulumutsa makala: anatunga madzi m'kapu, nathira. Dothi linalira kuti thee, n'kung'aluka patatu. Anapulumutsa makala odzadza manja awiri.

Kupita ku Mitundu kukaikitsa dothi lina kunadya masiku ena atatu. Pofika tsiku lotsegulanso, madalaivala anali atazolowera mkaka wa mai Shamimu. Anabwerera awiri okha, Maliro ndi mnzake, ndipo nyengo ya fodya inatha chomwecho.

Kuyambira pamenepo mai Zipora anagawa ntchito. Moto ndi wawo. A Gilibati amatsuka makapu kuseri. Chitofu cha ku Joni chilipobe pakona, anachiyalira nsalu, ndipo ndi pamene amaikapo masikono. Mlendo akafunsa, a Gilibati amakonza tayi n'kunena kuti gasi akubwera sabata yamawa.