Mavidiyo a tsitsi ndi abale anga akumudzi

Mwini saluni ina mumzinda wa Oshawa, kuno ku Canada, anandibwereka mpando woti ndizilukirapo tsitsi, koma anandiuza mosapsatira kuti chilimwe chikatha ndisanapeze makasitomala angaanga, mpandowo apatsa wina. Ine msana unali utatha ndi ntchito yonyamula okalamba, ndipo kubwererako sindinkafuna ngakhale pang'ono. "Masiku ano woluka amapezeka pa foni," anatero mayiyo. "Jambula mavidiyo."

Ndinajambuladi. Ndinkayamba monga anandilerera: moni kwa nonse, kufunsa ngati mwadzuka bwino, kuthokoza Mulungu, kenako kuonetsa meshi ndi chipeso. Tsitsi lomalizidwa linkabwera kumapeto, patatha mphindi ziwiri. Ndikangoposita, ndinkatumiza ku gulu la pa foni la abale a ku Ntcheu kuti andisapote. Malayiki ankagwa ngati mvula, azakhali n'kumalemba kuti ndawanyaditsa. Koma wofuna kulukidwa, zii!

Tsiku lina ndinkaluka mayi wina wa ku Chipata amene amagwira ntchito yotsatsa malonda mumzinda wina wotchedwa Mississauga. Atatopa ndi kudandaula kwanga, anapempha foni yanga n'kutsegula pamene pamaonetsa mmene anthu aonera vidiyo. Panali kamzere koyambira pamwamba, n'kugwa thi pa sekondi yachitatu.

"Asisi, onani apa," anatero. "Anthu athawa mukali kupereka moni. Ndipo onani kumene ali, pafupifupi onse ali ku Malawi. Abululu anu awa, abale anu akumudzi."

Anandifotokozera kuti vidiyo imayamba yaonetsedwa kwa anthu ochepa. Akaionera mpaka kumapeto, makina a pa intaneti amaipititsa kwa ena ofanana nawo. Akathawa msanga, amaiika pambali. Tsono abale anga ankatsegula, kudina layiki, n'kutseka kuti bandulo isathe. Makina anaphunzira kuti mavidiyo anga ndi otopetsa, komanso kuti ndi a anthu a ku Ntcheu.

Magazi anandiwira. "Ndiye ndizingoyamba osapereka moni ngati wakuba?"

"Eyatu," anayankha akuseka. "Yambani ndi tsitsi lomalizidwa, mutu ukutembenuka, ndipo mulembe Oshawa pomwepo. Isapitirire kwenikweni masekondi makumi awiri. Paliponse pamene palibe chikusintha, dulani. Mutsegule tsamba lina, ndipo abululu musawauze."

Iii, kudula kumeneko kunandipweteka. Ntchito ya tsiku lonse, zala zitachita dzanzi, kuipanikiza kuti ithe munthu asanameze malovu! Ndinkadula, ndikaonera n'kupeza kuti chiyambi chikadali chozizira, n'kudulanso. Mwamuna wanga anafika pondifunsa ngati ndakwatiwa ndi foni. Vidiyo yoyamba inangofa. Yachiwiri nayo chimodzimodzi. Pa yachitatu ndinayamba ndi tsitsi la mwana lomangana, dzanja likulephera kulowetsa chipeso, kenako mwadzidzidzi mizere yoyera bwino, ndiyeno mmene ndinachitira. Kamzere kaja kanagwira mpaka kupitirira pakati. Sabata yomweyo amayi awiri a ku Oshawa konkuno anandilembera, ndipo wachitatu anachita kukwera sitima kuchokera ku tauni ya Oakville.

Ndinali nditangoyamba kupuma pamene msuweni wanga, munthu wosagona pa foni, analipeza tsamba latsopanolo. Mwa chikondi chake analimwaza ku magulu onse, ndi mawu akuti tiyeni timukweze mwana wathu. Mavidiyo otsatira anayambanso kugwa pa chiyambi pomwe, malayiki mbwee, makasitomala atsopano osaoneka. Abalewo ndinawapempha bwinobwino kuti akatsegula aziona mpaka kumapeto, apo ayi asatsegule n'komwe. Azakhali anayankha kuti Canada wandilowa m'mutu. Chilimwe chinali chikutha, mwini saluni akundiyang'ana cham'mbali. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwabuloka abale anga mmodzimmodzi. Nditafika pa dzina la amayi anga ndinaima kaye, kenako ndinadina.

Mpando ndinaupulumutsa. Masamba asanayambe kugwa, Loweruka lililonse linkakhala lodzaza.

Masana ena amayi anaimba ndili pakati poluka. Ndinapanikiza foni ndi phewa.

"Kodi iwe, wasiya kuluka? Foni yangayi siikukuonetsanso."

"Sindinasiye, amayi. Kungoti inu mumatseka msanga, ndiye zimandiwonongera."

"Nanga bandulo, mwana wanga? Ine ndimangofuna ndione ngati uli bwino, basi n'kutseka."

Ndinawalonjeza kuti ndiziwatumizira yawoyawo, ya moni wautali mmene akufunira.

"Ayi, usavutike," anatero. "Mavidiyo aja ndinkaonetsa anzanga kumpingo, kuti aone kuti dziko lonse likukuona."

Kasitomala anandifunsa ngati ndili bwino, chifukwa ndinali nditamukoka tsitsi. Ndinapepesa n'kupitiriza mzere. Amayi sindinawatsegulire tsamba lija mpaka lero.