Sizasi ya Alamu Anga ndi Masilaidi Anga Makumi Atatu

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, agwira ntchito mu ofesi ya akuluakulu a chipatala chathu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Analowa ngati wotayipa, nthawi ya makina aphokoso aja, oti ukalakwitsa chilembo chimodzi umayambiranso pepala lonse. Makompyuta atabwera, anzawo ambiri anagwa ulesi n'kusiya, koma iwo ankaphunzira okha pa nthawi ya nkhomaliro, magalasi ali pamphuno. Amuna awo anamwalira ana atatu akadali kupulayimale, ndipo onsewo anawaphunzitsa ndi zala zomwezo. Masiku ano ndi amene amalemba zokambirana za m'misonkhano, kuyatsa pulojekita ndi kudina masilaidi a aliyense woyankhula pamaso pa komiti. Chipatala chonse chimawatchula kuti Mayi Sizasi.

Ine ndine namwino woyang'anira kiliniki ya odwala matenda a shuga, ndipo ndivomere kuti ndine wamakani. Vuto langa linali la Lachinayi lililonse. Odwala athu oyenera kuyezedwa magazi ku labu amabwera m'mawa asanadye kanthu, chifukwa kuyezako kumafuna choncho. Koma a ku labu ankayamba ndi magazi ochokera m'mawodi, anthu anga n'kumadikira pabenchi mpaka cha m'ma leveni. Munthu wa shuga kukhala maola anayi ndi njala si zamasewera, makamaka amene wamwa kale mankhwala ake kunyumba. Ena ankanjenjemera, ena thukuta kamukamu, ena ankagwa ndithu. Bambo wina wachikulire, telala, anagwa n'kung'ambika pachipumi pa kona ya benchi. Ndikumumanga bala anandiuza mwaulemu kuti, "Asisitala, bola ndizikadwalira kunyumba." Mawu amenewo anandipweteka kwambiri.

Komiti ya akuluakulu imakumana kamodzi pa miyezi itatu, ndipo aliyense amapatsidwa mphindi khumi. Ndinali nditaimapo kale kawiri. Ulendo uliwonse ankandiombera m'manja pang'ono, wapampando n'kunena kuti, "Zikomo, tamva," basi osasintha kanthu. Ndinkabwerera kukiliniki mtima uli phuliphuli, ndikuwanena akuluakuluwo kuti ndi anthu opanda chisoni. Ulendo wachitatu utayandikira, mlembi wa komiti anandichenjeza kuti nkhani imene yabwera katatu popanda chigamulo amaichotsa pa mndandanda mpaka chaka china.

Amuna anga ndi amene anati, "Bwanji osawaonetsa achemwali masilaidi anuwo?"

"Achemwali anu amadziwa chiyani za shuga?" ndinawayankha choncho. Anangoseka n'kupitiriza kusita malaya awo.

Komabe Lolemba ndinapita, fulashi ya masilaidiwo ili m'thumba la yunifolomu, kunyada ndikukumeza ngati piritsi lowawa. Ofesi ya alamu ndi kachipinda kopapatiza kuseri kwa chipinda cha misonkhano. Muli tebulo, pulinta yokalamba yomangidwa ndi selotepi pachitseko chake, ndi kabati yodzaza mafayilo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Alamu, mwasochera? Kuno kulibe odwala."

"Wodwala ndamubweretsa," ndinatero ndikuwapatsa fulashi.

Sanawerenge n'komwe pa kompyuta. Anasindikiza masilaidi onse makumi atatu, asanu ndi limodzi pa pepala lililonse, n'kutulutsa sizasi yaikulu ya chigwiriro chakuda mu dirowa. Anadula silaidi iliyonse payokha, kenako anasakaniza timapepalato monga achitira osewera makadi, n'kundipatsa mulu wonse.

"Ndikupita kukamwa madzi. Ndikamabwera mukhale mutaziyala patebulopa mmene zinalili."

Ndinaona ngati chipongwe. Masilaidiwo ndinawalemba ndekha, milungu iwiri yathunthu. Koma nditayala pepala loyamba, la dzina langa, ndi lomaliza, la "Zikomo", pakati ponse panandisokonekera. Mbiri ya kiliniki inali patsogolo pa mitundu ya matenda a shuga kapena pambuyo? Matebulo anayi a manambala ankaoneka ofanana ngati ana amapasa. Alamu anandipeza ndagwira timapepala tiwiri m'manja, ndikuyang'ana kudenga.

"Mwini wake mwasochera m'nyumba mwanu momwe," anatero akukhala pansi. "Nanga mlendo? Nkhani ikakhala yoyenda bwino, silaidi iliyonse imaitana inzake. Zanuzi mukhoza kuziyala mulimonse, palibe chimene chingasinthe."

Kenako ananditengera m'chipinda cha misonkhano, n'kundikhazika pa mpando wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Anati pamenepo ndi pamene amakhala mkulu wa labu, chifukwa amaitanidwaitanidwa. Anayatsa pulojekita n'kuonetsa silaidi yachisanu ndi chiwiri. Inali ndi mizere khumi ndi inayi ya mawu, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Anawerenga chamumtima mpaka faifi n'kuzimitsa.

"Mwaona chiyani?"

"Mawu."

"Akuti chiyani?"

Ndinavomera kuti sindinawerenge ngakhale mzere umodzi.

"Ine ndikamadina sindiyang'ana pakhoma, alamu, ndimayang'ana nkhope za anthu," anatero. "Munthu sangawerenge ndime yonse uku akumveranso inu. Amasankha chimodzi. Akayamba kuwerenga, inu mwatayika. Akatopa kuwerenga, amatulutsa foni. Ulendo watha uja a wapampando anatulutsa foni pa silaidi yachinayi, pamene munkawafotokozera madokotala kuti shuga ndi chiyani."

Manyazi anandigwira, ndipo manyazi anga amatuluka ngati mkwiyo. Ndinawauza kuti zonse zili mmenemo ndi zofunika, ndi zoona, ndipo ndinazifufuza ndekha m'mabuku a kiliniki. Sanatsutse. Anangofunsa funso limodzi, modekha.

"Anthu amenewa akatuluka pachitseko ichi, mukufuna akachite chiyani? Mundiuze ndi mpweya umodzi."

Ndinayamba kuti odwala a shuga akuchuluka, ndipo chisamaliro chawo chikufunika mgwirizano wa magawo onse. Anandidula. Anati amenewo ndi mawu a pa tsiku la chikondwerero. Ndinayesanso, ananditsekanso pakamwa. Kachitatu ndinapsa mtima n'kumenya tebulo.

"Ndikungofuna kuti a labu Lachinayi aziyamba ndi anthu anga, kuyambira seveni mpaka eyiti, anthu asamagwe ndi njala. Basi."

"Eya," anatero alamu. "Tsopano ndionetseni pamene mwalemba zimenezo."

Tinafufuza timapepala tonse makumi atatu. Tinazipeza pa silaidi ya nambala twente-seveni, mzere wachisanu, pansi pa mutu wakuti "Zina Zofunika Kuziganizira". Ndinalemba kuti, "Kuunikanso kayendedwe ka ntchito pakati pa kiliniki ndi magawo ena." Mawu oti labu munalibe. Lachinayi munalibe. Ndipo alamu anandikumbutsa kuti maulendo awiri onse aja mphindi khumi zinkatha ndili cha pa silaidi ya twente, zotsalazo iwo n'kungodina mothamanga kuti tifike pa "Zikomo".

Masana amenewo sizasi inagwira ntchito. Anapanga milu itatu. Mulu woyamba unali wa zimene komiti ikudziwa kale, ndipo unapita mubini. Wachiwiri unali wa matebulo a manambala, anati tiwasindikize pa pepala limodzi logawira anthu, wofuna kutsimikiza aziwerenga yekha. Wachitatu unatsala ndi timapepala tisanu ndi kamodzi. Mitu yake anandiletsa kulemba "Mavuto" kapena "Zotsatira". Anati mutu uzinena nkhani yonse, woti munthu atangowerenga mitu yokha kuyambira pamwamba mpaka pansi amve chimene ndikufuna ndi chifukwa chake. Tinalemba ndi bolopeni kuseri kwa timapepalato. Loyamba linali pempho lenileni, la seveni mpaka eyiti. Lachiwiri: odwala a shuga amadikira maola anayi asanadye. Lachitatu: anthu khumi ndi anayi agwa pabenchi m'miyezi isanu ndi inayi. Lachinayi: magazi a mwadzidzidzi a m'mawodi sadzadikira. Lachisanu: tiyese kwa miyezi itatu, tidzabwere ndi zotsatira. Lomaliza linabwereza pempho n'kufunsa chigamulo tsiku lomwelo.

Pa silaidi ya mbiri ya kiliniki ndinalimbana nawo. Inali ndi chithunzi cha tsiku lotsegulira, ine ndili pakati, ndikadali wowonda.

"Chithunzi chokongola," anatero. "Mukachipachike pabalaza, achimwene azikumbukira zimene anakwatira."

Ndinaseka ndisakufuna, ndipo chithunzicho chinachoka.

Tsiku la msonkhano pakhoma panalibe ndime zoti ndibisalemo. Alamu anadina, pempho langa linaoneka m'zilembo zikuluzikulu, ndipo ndinalinena ndikuyang'ana anthu. Ndinamaliza m'mphindi zisanu ndi ziwiri. Wapampando anatembenukira kumbuyo kwa mkulu wa labu n'kumufunsa ngati zingatheke.

Mkulu wa labu ndi bambo wofatsa, wosayankhula kawiri. Anayang'ana pepala la manambala, kenako anandiyang'ana ine.

"Asisitala, chimene munkafuna ndi chimenechi? Wantchito wathu wa usiku amaweruka eyiti, wa m'mawa ndikhoza kumuuza azilowa seveni Lachinayi, aziwerukanso msanga. Tiyamba sabata ino. Maulendo awiri aja ine ndinalipo, koma ndinkaganiza kuti mukupereka lipoti la kiliniki. Mukanangonena."

Anthu anagwedeza mitu, mlembi analemba, nkhani inatha. Ndinayenera kusangalala, koma sindinasangalale. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkatukwana anthu mumtima kuti ndi ouma mtima, pamene sindinawapemphe kanthu.

Onse atatuluka ndinatsala ndi alamu, akukulunga chingwe cha pulojekita pa chigongono. Ndinawathokoza. 

"Pepala lanu lija ndaliwerenga," anatero. "Kuchokera tsiku limene munaima pano koyamba, agwa angati?"

"Asanu ndi anayi."

"Tsiku limenelo ine ndinaona kuti simunapemphe kanthu. Ndinkadina ndikudziwa. Ndinati ndikakuuzani, mudzati wotayipa akudzimva, ndiponso zikafika kunyumba kwa achimwene. Ndinasankha mtendere wa pachibale." Anaika chingwe m'chikwama n'kutseka zipi. "Asanu ndi anayi amenewo musawasenze nokha. Tigawane."

Sindinawaonepo alamu anga maso ali ofiira chotero, ngakhale pamaliro a amuna awo ankalimba mtima chifukwa cha ana.  Anatenga mndandanda wa oyankhula pa msonkhano wotsatira, n'kuloza dzina la mzamba wamkulu wa ku wodi ya amayi oyembekezera, amene nkhani yake inali itabwera kale kawiri.

"Awa sanandipemphe," anatero. "Koma ndikupita konko. Akandithamangitsa, andithamangitse."

Anatenga sizasi mu dirowa, n'kuuyamba wa ku wodi ya amayi.