Dona Felisbela ndi nambala yozizira

Ife onyamula anthu panjinga mu Quelimane muno, palibe amene sanadyepo buledi ndi bajiya, timandasi ta nyemba, wa Dona Felisbela. Anali mayi wamasiye, wa mawu aakulu, ndipo ankakazinga pansi pa mtengo wa mango moyang'anizana ndi kagolosale ka Horácio, kogulitsa matikiti a lotale. Ukabwera nkhope ili yakugwa, ankakuwonjezera bajiya mmodzi kwinaku akukunyoza. "Idya, iwe. Miyendo ngati bangoyi upalasa nayo chiyani?"

Horácio sanali munthu wamba kwa iye. Ndiye anaimirira pa ubatizo wa Nércia, mwana wa mayiyu, choncho ankaitanana kuti kumpadre ndi kumadre. Mwamuna wa Felisbela atamwalira, Horácio ndiye anayendetsa zamaliro. Mawu a Horácio mayiyu sankawakayikira.

Ndiye amenenso anamuphunzitsa za manambala ozizira.

"Akumadre, 17 yatha miyezi osatuluka. Yazizira imeneyo, yafika pakhomo. Mukaisiya lero, mawa mulira."

Felisbela anaigwiradi 17. Sabata iliyonse ankawoloka msewu manja ali noninoni ndi mafuta, n'kukadula tikiti. Ikapanda kutuluka, Horácio ankamwetulira. "Ndiye bwino. Ikamachedwa ndiye kuti ikupsa." Zinayenda choncho mpaka mayiyu anasiya kupita ku Nicoadala kukaona mchemwali wake wodwala, poopa kuti 17 ingatuluke iye kulibe.

Zinaululika Loweruka lina m'mawa, ine ndili pomwepo ndi buledi m'manja. Kunabwera Dona Graciete, wosoka zovala wa kuseri kwa msika, akudandaula kuti 32 yamuthawanso.

"Mukulimbana ndi 32 bwanji, amwali?" anatero Felisbela. "Imeneyotu yatuluka kambirimbiri chaka chino. Yatopa."

"Yatopa? Ndi yotentha imeneyo! A Horácio anandiuza okha kuti nambala ikazolowera njira siisiya. Zozizirazo akuti n'zakufa, amagula ndi anthu ogona."

Felisbela anaphula chiwaya bajiya asanapse. Anawoloka msewu osayang'ana uku ndi uku, Graciete ali pambuyo, ifenso tinatsamiritsa njinga n'kulondola.

"Akumpadre, tanenani pamaso pa tonse. Yotuluka ndi iti, yotentha kapena yozizira?"

Horácio anayang'ana amayi awiriwo, kenako ife. Anayamba kuseka, koma ataona kuti akuseka yekha analeka.

"Akumadre, musatenge zinthu ndi mtima. Timipira ta manambala tochitira mayere a lotale tilibe mutu. Akatha kuchita mayere amatibwezera tonse m'chigubu, sabata yotsatira n'kutipukusanso. Ka 17 sikadziwa kuti kachedwa, ka 32 sikadziwa kuti kanatuluka dzana. Tonse timayambira pamodzi, mwayi wake ndi umodzimodzi."

"Nanga miyezi yonseyi osatuluka?"

"Timipira tikachuluka chonchi, kena kayenera kutsalira, kena kubwerezabwereza. Zimangochitika. Sikuti kotsalirako akasungira malo kutsogolo."

"Ndiye mumadziwa."

"Aliyense wogulitsa amadziwa. Koma munthu ukamuuza kuti sankha iliyonse, n'chimodzimodzi, sabweranso. Amafuna chogwira. Ndiye wina ndimampatsa yotentha, wina yozizira. Ikatuluka ya uyu, amakauza anzake kuti Horácio ndi katswiri."

Graciete anatukwana mpaka agalu a pamsika anauwa. Felisbela, yemwe tinkamudziwa ndi pakamwa, sanatukwane nawo. Atatsegula pakamwa, mawu ake anali aang'ono.

"Mchemwali wanga ankandiitana, inu n'kumati ndidikire sabata ino yokha. Munandiperekeza kumaliro ake, akumpadre. Munanyamula nawo bokosi."

Horácio anayamba kusanja mabotolo omwe anali osanjika kale.

Mawa lake pansi pa mango panalibe munthu. Tinakamupeza kudoko, komwe amakwerera maboti owoloka mtsinje, atayala malonda ake padzuwa. Kumeneko kuli fumbi, ndipo bajiya amatha mochedwa, koma sanabwererenso. Ambiri a ife tinamutsatira, ngakhale kuti n'kotalikira.

Lotaleyo sanadane nayo kwenikweni. Mmodzi wa ife akatulutsa tikiti, amangoti, "Gula ngati ukufuna, mwanawe, koma usamati ukudziwa." Chimene chinamukhala pamtima ndi Horácio. Nércia akapita kukaona bambo ake a ubatizo, mayi ake samuletsa, safunsanso kuti ali bwanji.

Tsiku lina Horácio anandituma ndi thumba la malalanje kuti ndikapereke kwa akumadre ake. Felisbela analiyang'ana thumbalo nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndigawire amalinyero a m'boti. Kenako anandifunsa ngati ndadya.