Chala cha Abílio chinali m'munsi

Amuna anga a Edmundo amalima chimanga ndi mtedza ngati wina aliyense kuno ku Fingoe, koma mukawafunsa ntchito yawo amakuuzani kuti ndi olemba mitu ya nkhani za mpira. Nkhaniyo amalembanso, komatu amati imeneyo angalembe aliyense. Mutu ndiye umawatulutsa thukuta. Ine ndine Delfina, ndimagulitsa kapenta ndi tomato pamsika, ndipo ndakhala ndikuwaona bambowa atakhala pansi pa mtengo wa mango, phala likuzizira, akufufuta ndi kubwezera timawu tochepa pa telefoni yong'aluka galasi. Salandirapo kanthu. Ndinalongolola mpaka ndinatopa ndekha.

Anabadwira ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo anabwera kuno ali kamnyamata atapanira mpira wachikulunga kukhwapa. Anthu amati ankatha kusewera. Ine ndinawapeza bondo litafa kale, ndiye sindingachitire umboni. Chomwe ndikudziwa n'chakuti sajomba kubwalo, ndipo sakhala ndi anzawo pamthunzi. Amaima kuseri kwa golo, dzuwa likuwawotcha, ati ndi pamene pamaoneka zoona. Mayi Yolanda, mphunzitsi wa kusekondale, atatsegula tsamba la pa Facebook lotchedwa Mpira Kwathu kuti lizinena za matimu a m'boma lino, anabwera kudzawatenga okha.

A Edmundo ali ndi lamulo lawo, ndipo ndalimva kambirimbiri moti ndikhoza kuliimba. Amati kuno munthu satsegula nkhani, chifukwa mamega a intaneti amasungira kuimbira abale. Amangoona mzere wapamwamba, n'kuujambula, n'kuuponya pa WhatsApp. Anyamata a njinga zamoto amaunyamula pakamwa kupita nawo ku Chiputo ndi ku Malowera, kumidzi kumene netiweki imapezeka pachulu pokha. Choncho mutu uyenera kukhala woona pawokha, wopanda nkhani yake: ndani, wachita chiyani. Ngati ndi mawu a munthu, dzina la wonenayo likhale kutsogolo. Mutu wofunsa funso amadana nawo koopsa, ati ndi njira ya amantha yonenera bodza.

Sikuti ankalemba zozizira. Timu ikapambana zinayi kwa duu, ankalemba kuti yaswa inzake, ndipo ankasangalala nawo mawuwo. Koma ikapambana ndi chigoli chimodzi cha penate ankakana kulemba kuswa, ngakhale eni timu adandaule. Luso lawo linali kufunafuna kanthu koona kamene kakugwira mtima. Uja wakuti "Wopanda nsapato agoletsa ziwiri, Chiputo ipulumuka" unayenda msika wonse, mpaka amayi osadziwa n'komwe mpira ankafunsa kuti mwanayo ndi wa ndani. Tsiku limenelo a Edmundo anadya ndiwo zanga osadandaula mchere.

Kenako panabuka tsamba lina, la munthu wosadziwika dzina. Ilo linkangolemba kuti "Mwamva zomwe wachita woimbira?" kapena "Manyazi ku Chiputo!", ukatsegula mulibe kanthu. Anthu anathamangira kumeneko. Mayi Yolanda anayamba kuwerengera amuna anga mayina a anthu amene achoka pa tsamba lawo, ndipo a Edmundo ankabwera kunyumba nkhope ili gwa.

Chaka chatha masewero omaliza a chikho cha boma anali pakati pa Nyundo za Fingoe, timu ya anyamata okumba golide, ndi Njuchi za ku Malowera. Pagolo pa Njuchi panali Abílio, mnyamata wamtali, wofatsa, amene chaka chonse ankagwira mipira ngati ali ndi ulimbo m'manja. Kwawo ndi kutsidya, ku Zambia. Ku Malowera anali mkamwini, anamanga pamudzi pa mkazi wake Elsa ndipo ankalima munda wa apongozi. Mphunzitsi wa timuyo, a Lourenço, ndi malume ake a Elsa yemweyo.

Njuchi zinagonja zitatu kwa duu, ndipo ziwiri mwa zigolizo zinali zoti n'kuphimba kumaso. Mpira unkafika m'manja mwa Abílio n'kupulumuka. A Edmundo ali kuseri kwa golo anaona chifukwa chake. Gawo loyamba lisanathe, wosewera wa Nyundo anamuponda dzanja polimbirana mpira, chala chapakati n'kupindika chammbali. Abílio anachimanga ndi kansalu, anavalanso golovesi, osauza munthu, poti wolowa m'malo mwake panalibe. Masewero atatha anavula golovesiyo pamaso pa amuna anga, chala chitatupa ngati chinangwa.

A Lourenço sanachione. Iwo anali atapsa mtima, ndipo anakuwa pamaso pa anthu, telefoni ya a Edmundo ikujambula mawu: "Gwarda-redi wathu, wapagoloyu, wagulidwa! Golide wagula jogo iyi, mpira wonsewu!"

Madzulo ake mayi Yolanda anabwera kwathu, ine ndikusankha mtedza pakhonde. A Edmundo anali atalemba kale mutu wawo: "Abílio asewera ndi chala chothyoka, Njuchi zigonja 3-0."

"Bambo Edmundo, titulo iyi ndi ya maliro," anatero mayi Yolanda. "Vila yonse ya Fingoe ikukamba zomwe anena a treinadori Lourenço, ife tikukamba chala?"

"Aphunzitsi, chalacho ndachiona ine. Golideyo sindinamuone."

"Koma ananena kapena sananene? Mawu muli nawo mu telefoni. Sitikunama. Tikachedwa, a tsamba lija alemba okha, ndipo iwo za chala sazitchula n'komwe. Ife tiika chalacho m'nkhani."

Anakangana mpaka nkhuku zinalowa m'khola. Mayi Yolanda si munthu woipa, ndipo zimene ankanena zinali ndi mutu wake. Amuna anga anapempha kuti dzina la a Lourenço liyambe. Mayiyo anati mutu woyamba ndi dzina la mdala sukoka munthu. Ine ndinalowererapo kuti asiyeni bambowa alembe zimene aona, koma onse awiri anandiyang'ana ngati mbuzi yalowa m'tchalitchi. Pomaliza a Edmundo anagonja, ndipo anaulemba ndi zala zawo zomwe: "Wapagolo wa Njuchi wagulidwa ndi golide, atero a Lourenço popanda umboni." Za chala anaziika m'ndime yachitatu.

Mmawa ndinaumva ndekha pamsika. Pa timatelefoni tating'ono mzerewo unkaduka utangofika pa golide, zotsalazo zitabisika. Mnyamata wina wa njinga yamoto anawerengera anzake mokweza, ndipo ngakhale amene anali ndi mzere wonse sankafika kumapeto, ankayamba kukuwa pakati. "Mpira Kwathu yalemba! A Edmundo sanama!" Apa ndiye panandipweteka kwambiri. Zaka zonse zija akukana kulemba kuswa pa chigoli chimodzi, anthu anaphunzira kuwakhulupirira. Tsamba lina lija likanalemba zomwezo, akanangoseka.

Ndinasiya kapenta ndi mnzanga, ndinathamangira kunyumba. A Edmundo anasintha mutu nthawi yomweyo n'kubwezera wa chala uja. Analembanso kachidziwitso kopepesa, kunena poyera kuti umboni wa golide palibe ndipo mutu woyamba unalakwika. Mayi Yolanda sanakane. Koma chithunzi cha mutu wakale chinali kale m'matelefoni a anthu, ndipo njinga zinali zitanyamuka mbandakucha. Kupepesako anakuona anthu owerengeka, ena n'kulemba pansi pake kuti a Edmundo nawonso alandirako kagolide.

A Edmundo sanadye bwino sabata imeneyo. Ankaimbira aliyense wa ku Malowera amene anali ndi nambala yake, mafoni osalowa. Titamva kuti pamudzi pa Elsa pakhala bwalo la banja, anati apita okha. Ine ndinati ndi bondo limenelo simupita nokha. Tinakwera lole ya chimanga, fumbi mpaka m'mano.

Tinafika mochedwa. A Lourenço anatilandira bwino ndithu, anatipatsa mipando ndi madzi. Amuna anga anatulutsa telefoni, anawerenga mutu watsopano, anafotokoza za chala. Mdalayo anamvetsera akugwedeza mutu.

"Ine ndinalankhula ndi mkwiyo, bambo," anatero. "Zikanathera pabwalo pomwepo. Koma mutalemba inu, ndinati basi, ndiye kuti a Edmundo afufuza. Mudzi wonse unatero. Ana a timu anafuna kumuotchera nyumba. Tinangoti mkamwini ayambe wapita kwawo."

"Ndinalembatu kuti mwatero ndinu, popanda umboni."

"Zimenezo kuno sizinafike."

Ndinafuna kuwalalatira a Lourenço, kuwafunsa ngati munthu wamkulu amaiwala pakamwa pake. Koma ndinali mlendo, ndipo Elsa anali ataima pakhomo la nyumba yake mwana ali kumsana, maso ofiira. A Edmundo anapempha kuti aitane anthu awawerengere. Anabwera ochepa. Anamvetsera mwaulemu, wina n'kunena kuti chala munthu akhoza kuchithyola yekha pobisa manyazi. Amuna anga anabwezera telefoni m'thumba, tinatsanzika.

Abílio tinamupeza pamphambano, atakhala pa thumba la zovala akudikira chokwera cholowera kumalire. Dzanja linali lokulungidwa ndi chitenje cha mkazi wake. Atationa anaimirira, anavula chipewa, anapereka moni ndi dzanja lamanzere. A Edmundo anamuonetsa telefoni.

"Taona mwana wanga, ndakonza. Ndapepesa. Ndiuza aliyense."

Abílio anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anamwetulira pang'ono.

"Uwu ndi wabwino, madala. Ukanakhala woyamba." Anabweza telefoniyo. "Inu munali kuseri kwanga. Chalachi ndinakuonetsani ndekha."

"Ndinachilemba, Abílio. Chinali m'nkhani, m'munsi."

"M'munsi amafikamo ndani?"

Sanafunse mwaukali, ndipo n'chimene chinandiliza ine. Lole inabwera, tinamuthandiza kukweza thumba poti ndi dzanja limodzi sakanatha.

A Edmundo akulembabe mitu, ndipo mayi Yolanda sawatsutsanso. Mutu wa chala uja anauika pamwamba pa tsamba kuti usatsike, ndipo ulipo mpaka lero. Akakumana ndi wa njinga wopita ku Malowera amamuimitsa, kumuwerengera, kumupempha akanene. Anyamatawo amavomera mwaulemu, n'kuliza njinga. Mwezi watha Elsa anabwera pamsika kudzagula kapenta, mwana akuyenda yekha tsopano. Ndinamufunsa za bambo ake a mwanayo. Anati chala chinapola chokhota, ndipo kwawoko akamufunsa ngati anasewerapo mpira amayankha kuti ayi.