Muyeso wa Madzulo

Patani yodulira diresi anaigula achimwene ku Limbe, mu envulopu yokhala ndi chithunzi cha diresi la mabatani kutsogolo. Anati akazi awo akalivale pa ubatizo wa mwana. Ine ndinali nditangotha miyezi isanu ndikuphunzira kusoka pa khonde la sitolo ina ku Limbuli, koma sindinathe kukana.

Alamu anga ndi a chiuno chaching'ono, chifuwa chachikulu, ndipo nthawi imeneyo ankayamwitsa. Sayizi ya chiuno chawo sikanatseka pachifuwa. Ya chifuwa ikanagwa m'mapewa. Atelala amene ankandiphunzitsa anati ndisankhe sayizi poyeza pamwamba pa mabere, tepi idutse m'khwapa, zinazo ndiwonjezere ndekha.

Ndinawayeza Lamulungu m'mawa, mwana atangoyamwa n'kugona. Patani ndinaopa kuidula, ndinaikopera pa pepala la thumba la simenti. Chidutswa chakutsogolo ndinachicheka kuchokera m'chiuno kukwera mpaka pansonga ya bere, n'kukhotera kukhwapa. Ndinachekanso kuchokera m'mbali. Nditachitambasula inchi imodzi, m'mbali munatseguka malo a pindo lija atelala amati dati. Chapakati ndinachitsitsa kuti mzere wa m'chiuno ufanane, ndipo zimene zinachuluka m'chiunomo ndinazimeza mu dati ya pansi. Ndinabwereza kuyeza katatu ndisanadule nsalu.

Lachinayi madzulo alamu anafika kuchokera kothyola tiyi, thukuta lili kamukamu. Atavala, mapewa anakhala bwino, chiuno bwino. Mabatani atatu apachifuwa anakana.

Ndinatenga tepi, n'kuisiya, n'kutenga pepala. Ndinayang'ana mizere yanga yonse, osapeza pamene ndalakwa. Ubatizo unali Lamulungu likubweralo, ndipo nsalu yotsala inali ya duku basi.

"Pepani alamu, mwina ndinawerenga molakwa."

Anaseka mpaka kugwira khoma. "Iwe, mwana sanayamwe chichokereni m'mawa! Umayesa awa ndi maungu, amakhala chimodzimodzi tsiku lonse?"

Ndinayang'ana pansi. Kuseri kwa nyumba mwana anali atamva mawu a amake, wayamba kulira kumsana kwa amayi anga.

"Ndiye ndikuyezeni pompano, asanayamwe."

"Fulumira, mwini wake akuitana."

Tepi inagwa kawiri, amayi akukuwa kuti tikuzunza mwana. Muyeso unaposa woyamba ndi inchi ndi theka.

Lachisanu ndinatambasulanso pepala, n'kudula zidutswa ziwiri zakutsogolo pa nsalu ya duku ija. Zinakwana movutikira. Madati ndinawathera patali pang'ono ndi nsonga, kuti mwana akayamwa diresi lisaoneke lofota.

Kutchalitchi alamu anavala duku lawo lakale labuluu, losagwirizana ndi diresi. Achimwene analiyang'ana dukulo, ine ndinayang'ana kwina. Mapemphero anatalika, mwana ali m'tulo osayamwa. Kuchokera pa benchi ya kwaya sindinamve ulaliki, ndinkangowerenga mabatani. Potuluka anali adakali otseka, onse asanu ndi awiri.